Dzina Lomwe Foni Inawapatsa a Telala

Pakhonde pathu pali zitseko zitatu. Choyamba ndi cha saluni yanga, chapakati chinali cha a Telala, ndipo chakumapeto ndi cha bambo wokonza mafoni amene tonse timawatchula kuti a Netiweki, chifukwa nawonso amapezeka akafuna okha. Ine ndi a Telala tinakhala moyandikana zaka zambiri. Khoma lotilekanitsa linali la matabwa, moti ndinkadziwa kuti lero adzuka nawo mkwiyo pongomva mmene makina awo akulirira.

Anali munthu wouma mutu, ndisakunamizeni. Kasitomala akati diresi likundithina, iwo ankayankha kuti diresi lilibe mlandu, mwanenepa ndinu. Koma dzanja anali nalo, ndipo amene anachoka atakwiya ankabweranso ndi nsalu ina m'khwapa.

A Telala anali ndi mwana mmodzi yekha, wamwamuna. Ali wamng'ono ankakhala pansi pa tebulo n'kumatolera mabatani ogwa, ndiye dzina loti Kabatani linamukakamira mpaka atamera ndevu. Mayi ake atadwala, Kabatani anafuna kuwatengera kuchipatala chachikulu kumzinda komwe ankagwira ntchito. A Telala anakana, amvekere mkazi wanga ndimusamala ndekha. Mayiwo anamwalira. Maliro atatha, bambo ndi mwana anauzana mawu amene sabwezeka, ndipo Kabatani anakwera basi osatembenuka. Kenako tinamva kuti anasintha ntchito, anasinthanso nambala. A Telala sankamutchula, nafenso tinaphunzira kusamutchula.

Zaka zinapita. Matenda a shuga anayamba kuwadya a Telala pang'onopang'ono. Miyendo inkatupa moti kupalasa makina kunasanduka chilango, ndipo ulusi ndinkawalowetsera m'singano ndine, pakati pa mutu ndi mutu wa makasitomala anga. Nthawi yomweyo anataya kafoni kawo m'basi. Anagula kena ka mabatani, ndipo m'malo mokaima pamzere kuti awabwezere nambala yakale, anangogula simu ina pakona, poti mzere ndi miyendo yawo sizinkagwirizana. Anabwera akunyadira kuti ali ndi nambala yatsopano, ine n'kuisunga m'foni mwanga kuti "A Telala". Palibe amene anaganiza kuti nambala nayo imakhala ya kaunjika, yovalidwa kale ndi munthu wina.

Tsiku lina kunabwera dalaivala wa lole kudzasoketsa zipi ya jekete. M'kucheza anati amamudziwa Kabatani, amamutsitsira katundu kusitolo ina ya zitsulo, ndipo anakwatira, ali ndi kamwana kakakazi. Makina anaima. Ndinamva kukhomako kuti aima, ndinatuluka chipeso chili m'manja. Ndinapeza a Telala akufunsa ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo, ngati dalaivalayo ali ndi nambala. Anali nayo. Ndinawalembera m'kafoni kawo ndine, poti maso awo sankaonanso timanambala.

"A Saluni," anatero a Telala dalaivala atapita, "adokotala akuti impso zatopa. Ine sindikufuna kupita ndisanamve mawu a mwana uja. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndiimba ndine."

Anaimba masana omwewo, ataima pakhomo, atavula ndi chipewa chomwe ngati mwanayo akuwaona. Foni inaitana pang'ono n'kuduka. Anaimbanso, inadukanso.

"Ali pantchito," ndinatero. "Mabwana a masiku ano salola foni."

Anavomera msanga, chifukwa ankafuna kuvomera. Mawa lake anaimba nthawi yopuma, zomwezo. Lamlungu anaimba, zomwezo. Masabata anapita akuimba, foni ikuduka. Ndinawauza kuti tiyese kuimba ndi foni yanga, koma anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Ndimubisalire mwana wanga ngati ndikusaka mbewa? Akayankha yanu n'kupeza kuti ndi ine, ndiye kuti ndamunamiza. Dalaivala uja anamuuza kuti ndatenga nambala, akudziwa kuti ndine. Ayankhe akafuna."

Dalaivalayo sanamuuze kanthu, koma izo tinazidziwa mochedwa. Ndinawanyengerera kuti bola titumize meseji. Poyamba anakana kuti kupepesa sikulembedwa, koma kenako analola. Mawu anasankha okha, ine ndinangodina mabatani: "Ndine bambo ako. Iyi ndi nambala yanga yatsopano. Ndikudwala. Ndiimbire." Tinaona ngati ndi mawu abwino, achidule, opanda kudandaula.

Madzulo a tsiku lotsatira, dzuwa lisanalowe, anaimbanso. Ndinali ndikutsuka mutu wa munthu, chitseko chili chotsegula. Ulendo uno foni inayankhidwa, ndipo kafoni kaja kanali ndi sipika yaphokoso moti khonde lonse linamva. A Telala anatsegula pakamwa. Zaka zonsezo osamva mawu a mwana wako, ungayambire pati? Asanapeze poyambira, Kabatani anali atayamba kale.

"Iwe, sutopa? Ukuti ndiwe bambo? Ungakhale bambo wa ndani iwe, munthu wopanda manyazi? Ukudwala, ifa. Usadzaimbenso nambala ino."

Foni inaduka. Thovu linkatsikira m'khosi mwa mayi amene ndinkamutsukayo. A Telala anayang'ana kafoniko kwa nthawi, kenako anakaika m'thumba la malaya n'kutseka batani la thumbalo bwinobwino. Anakhala pamakina, koma sanasoke.

Ndinapsa mtima tsiku limenelo kuposa tsiku lomwe mwamuna wanga anachoka ndi wailesi. Ndinati ndipatseni nambalayo ndimuuze mwana ameneyu kuti anabadwa bwanji. A Telala anapukusa mutu.

"Mukamuimbira, ine ndi inu tadana. Wanena zakukhosi kwake. Mayi ake ndinawakaniza chipatala ndine, sananame."

Kuyambira pamenepo anafooka moonekeratu. Matenda analipo kale, inde, koma munthu amalimbana ndi matenda akakhala ndi chimene akudikira. Ntchito nayo inayamba kuwathawa. Ankadandaula kuti makasitomala atsopano akawaimbira kuti zovala zatha sayankha, moti madiresi ankangolendewera pachingwe n'kumatola fumbi. Tinkati ndi anthu a masiku ano, ulemu unawathera. Pasanapite nthawi anagwa m'bafa kunyumba kwawo, ndipo mchemwali wawo, gogo wina wosamva bwino, anawagoneka m'chipatala. Makiyi a shopu anandisiyira ine.

Lachinayi lina m'mawa kunafika mphunzitsi wina wamkazi, nkhope ili gwa, kudzafunsa diresi lomwe anasiya kalekale. Ndinamutsegulira n'kulipeza pachingwe, losokedwa, lositidwa. Pakamwa panga sipachedwa, ndiye ndinamuuza kuti mkuluyu anakuimbirani mpaka kutopa, inu osayankha.

"Sanandiimbirepo," anatero. "Tchulani nambala yawo."

Ndinaitchula, iye akulemba m'foni mwake. Asanamalize n'komwe foni inasanduka yofiira, ndipo pamwamba panatuluka mawu akuti "Wakuba pa Foni Osayankha". Pansi pake panalembedwa kuti anthu ambirimbiri anaidandaula nambalayi.

"Iyi? Iyi ndiye inkandivutitsa ija. Ndinaibuloka. Mukuti ndi ya a Telala?"

Ndinamusiya mphunzitsiyo ndi diresi lake n'kuthamangira kwa a Netiweki, amene mwamwayi tsiku limenelo analipo. Ndinawapeza ataweramira foni yotsegula pamimba, kagalasi kali padiso.

"Apu yoonetsa mayina a oimba ija," ndinatero, "ija munandiikira kuti ndizidziwa amuna ovuta. Mayina imawatenga kuti?"

"Kwa inu nomwe," anayankha osadzutsa mutu. "Tsiku loyamba imapempha kuti ione manambala amene munasunga, inu mumadina kuvomera osawerenga. Basi imatenga mayina onse a m'foni mwanu n'kukawaunjika pamodzi ndi a anthu ena onse amene anavomera. Nambala yachilendo ikakuimbirani, iyo imayang'ana pamulu paja kuti anthu ambiri anailemba kuti chiyani, n'kukuonetsani. Siimudziwa munthu, imangobwereza zonena anthu. Ndi miseche yoyendera magetsi."

"Koma a Telala alibe apuyo. Kafoni kawo n'ka mabatani."

"Miseche imadikira kuti mwini wake akhalepo?" Anatenga foni yawo ina yomwe mulibe nambala yanga, n'kulembamo nambala yangayo. "Onani inu. 'Saluni Wolongolola'. Munadzilemba nokha?"

Tsiku lina ndikanaseka, kapena ndikanafufuza kuti anandilemba choncho ndani. Ndinangowauza kuti alembe ya a Telala. Analemba, foni inafiira. A Netiweki anachotsa kagalasi padiso.

"Simu anagula ija," anatero pang'onopang'ono. "Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitenga n'kuigulitsanso kwa wina. Iyi inali ya mmodzi wa anyamata aja oimbira anthu kuti mwawina mphoto, kapena kuti m'bale wanu wagonekedwa. Anthu anamusunga kuti wakuba, ena anadina batani lodandaula, ndiye kufiiraku. Iye anataya simu, kampani inafufuta dzina lake, koma apu palibe anaiuza kuti nambala yasintha mwini."

"Nanga ine bwanji sindinaonepo? Amandiimbira tsiku ndi tsiku."

"Inu munawasunga. Foni imayamba yaonetsa dzina lomwe mwini wake analemba, za apu zimabwera pa nambala yomwe simuidziwa. Ine chimodzimodzi, ndinawasunga. Dzina lomwe munawasunga nalo lija linapita ndithu pamulu, koma ndi mawu amodzi pakati pa chikhamu. Makasitomala awo akale ambiri ndi a timafoni ta mabatani, zomwe analemba sizipita kulikonse. Ndiye oona zofiirazi ndi okhawo amene sanawasunge."

Amene sanawasunge. Ndinakhala pampando wa makasitomala. Ndinakumbukira meseji ija, ndine bambo ako, nambala yatsopano, ndikudwala. Ndi mawu enieni amene akuba amalemba. Ine ndemwe ndinalandirapo otero, ochokera kwa mayi anga amene anamwalira kalekale.

A Netiweki anati dzinalo likhoza kukonzedwa, mwini nambala akalembetsa yekha pa apuyo kapena akapempha kuti aichotsemo, kungoti kufiirako sikutha tsiku limodzi. Ndinawauza kuti masiku ndi amene tilibe. Ndinatseka saluni, mayi wina ali ndi theka la mutu losaluka, n'kukwera basi ya kuchipatala.

Inali nthawi yoona odwala masana. M'wodi munali fungo la mankhwala opopera pansi ndi la zakudya zobwera m'makontena. A Telala anali pabedi lakukhoma, atachepa ngati mwana, nkhope yokha ndiyo itatupa. Mchemwali wawo anandinong'oneza mokweza, monga amachitira osamva, kuti kuyambira dzulo mutu ukumabwera n'kumachoka. Ndinagwada pambali pa bedi n'kuwafotokozera zonse, za simu, za wakuba, za mulu wa mayina. Ankandiyang'ana mwaulemu ngati ndikuwauza za mvula ya dziko lina.

"Sanali kutukwana inu, bambo. Ankayesa wakuba."

"Mwabwera ndi nsalu?" anandifunsa.

Kafoni kawo kanali pansi pa pilo. Ndinakatenga, ndinakopera nambala ya Kabatani m'foni mwanga, n'kukabwezera pomwepo. Zoti tidana ndinaziika pambali, munthu amadana ndi wamoyo. Ndinatuluka pakhonde la wodi n'kuimba. Anayankha msanga, ndipo ndikudziwa chomwe anaona pafoni pake.

"A Saluni? A Saluni ake a pakhonde paja?"

"Ndine, Kabatani. Khala pansi."

Ndinali nditakonza zomukalipira kwa masabata ambiri, koma zonse zinathawa. Ndinamufunsa ngati pali nambala ina yofiira imene inkamuvutitsa. Anati ilipo, ya wakuba wina wouma mtima amene anafika podzitcha bambo ake. Anati chaka chatha mkazi wake anapusitsidwa ndi anthu otere, n'chifukwa chake anaika apuyo, ndipo ameneyu anamuuza zoti sadzaiwala.

"Sanaiwaledi," ndinatero. "Anali bambo ako."

Ndinkamva zitsulo zikugundana kumbuyo kwake, ndi munthu wina akufunsa mtengo wa misomali. Kenako anayamba kupuma ngati wathamanga.

"Sanayankhule," anatero. "Anakhala chete. Akanangoti Kabatani, ndikanawadziwa. A Saluni, ndinawauza kuti afe."

"Ali moyo. Ndikuwaika foni kukhutu, uyankhule."

Ndinalowa, ndinatsegula sipika n'kuigwirizira pafupi ndi khutu lawo. Kabatani ankalira poyera, bambo wamkulu wandevu, pakati pa sitolo ya eni.

"Ababa, ndine. Ndine Kabatani. Sindinadziwe kuti ndinu, ababa. Ndikhululukireni."

Maso a a Telala anatseguka kwambiri. Mawuwo anawazindikira, ndinaona ndi maso angawa. Koma chimene chinabwera pankhope pawo sichinali chimwemwe, anali mantha. Anakweza dzanja lotupa lija n'kukankha foni pang'onopang'ono.

"Pepani bambo," anatero mwaulemu, ngati akuyankhula ndi wapolisi. "Ndamva kale. Sindidzaimbanso."

Anatembenukira kukhoma. Kabatani anaitana, anaitananso, koma iwo anatseka maso. Namwino anabwera kudzatiuza kuti nthawi yatha. Panja ndinamuuza Kabatani kuti ndi matenda, mutu sukugwira, akabwera n'kumuona pamaso zikhala bwino. Anati akukwera basi yoyamba imene aipeze. Ulendo wake ndi wautali, wogona panjira.

Sanawapeze. A Telala anamwalira m'mawa mwake dzuwa litakwera pang'ono, basi ya Kabatani ikadali m'njira. Mchemwali wawo anati m'mawamo anadzuka mutu uli bwinobwino, anamwa tiyi, anapempha kuti awapukute kumaso, kenako anagona osadzukanso.

Maliro atatha Kabatani anabwera pakhonde kudzalongedza za m'shopu. Anafanana ndi bambo ake mpaka kayendedwe, moti nditamuona akutsegula chitseko chapakati mtima unandipweteka. Sanalongedze kanthu. Anakhala pampando wa makina, kafoni ka mabatani kali m'dzanja limodzi, foni yake m'dzanja lina. A Netiweki anabwera kudzapepesa, ndipo posowa chonena anati ngati akufuna angathe kuyamba zokonza dzina lija.

"Konzani," anatero Kabatani. "Asamatchedwe wakuba ali m'manda."

"Ndiyambe ndi yanuyi. Munaibuloka nambalayo?"

"Tsiku lomwe ndinawatukwana."

"Munachotsa buloko?"

Kabatani anawayang'ana. Zimenezo sanaziganize, ndipo kunena zoona ngakhale ine sindinaziganize. Munthu ukamva kuti bambo ako akufa umaganiza za basi.

A Netiweki anatenga foniyo n'kutsegula malo amene apu imasungira mafoni omwe yatsekereza. Anati foni yobulokedwa siilira, imangodulidwa mwakachetechete n'kulembedwa apa. Anafuna kuitembenuza kuti tisaone, koma Kabatani anali ataigwira kale.

Nambala yofiira ija inali pamenepo, mzere pansi pa mzere. Munthu amene anandiletsa ine kuimba, amene anati mwana wanena zakukhosi kwake, sanasiye. Ankaimba akatseka shopu, ankaimba Lamlungu, ankaimba ali m'chipatala. Kabatani ankatsitsa ndi chala, mizere osatha. Kenako anabwerera pamwamba penipeni, pa foni yomaliza. Inali ya m'mawa wa tsiku lomwe anamwalira.

"Anali bwino m'mawa umenewo?" anandifunsa. "Azakhali akuti mutu unabwerera."

"Akutero."

"Ndiye anakumbukira kuti ndinawapepesa. Ankaimba kuti andiyankhe." Anandiyang'ana ngati ine ndinali m'mutu mwa bambo ake. "Kapena anaiwala, ankangoyesanso monga masiku onse. A Saluni, chinali chiti?"

Ndikanatha kumusankhira chokoma, koma akanadziwa kuti ndasankha. Ndinamuuza kuti sindikudziwa, mwanawe, palibe amene akudziwa.

"Foni inali m'manja mwangamu ulendo wonse," anatero. "Sindinaiike m'thumba ngakhale pang'ono. Ndinkadikira kuti mwina wina aimba."